Kupempha tchuthi kuntchito mchimwene kapena mchemwali wanu akamwalira

Malamulo a m'makampani ambiri akamatchula achibale amene munthu angapatsidwire tchuthi cha maliro, amayamba ndi mkazi kapena mwamuna wake, kenako ana ndi makolo. Mchimwene ndi mchemwali kwina amalembedwapo, kwina salembedwapo. Chonsecho kumudzi, m'bale wa bere limodzi ndiye amene anthu amamuyang'ana: bokosi ligulidwa liti, thupi linyamulidwa bwanji, ana a malemu atsala ndi ndani. Choncho wofedwa m'bale amakhala ndi ntchito yochuluka kumaliro, pomwe kuntchito masiku ake ndi ochepa kapena sakudziwika n'komwe. Malangizo awa ndi othandiza kuti masikuwo muwapeze, malipiro asadulidwe mosayembekezera, ndipo pobwerera musakapeze kalata yokufunsani kumene munali.

Choyamba: dziwani kumene tchuthichi chimachokera

Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la m'chaka cha 2000 limapereka tchuthi cha pachaka, cha matenda ndi cha uchembere, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso amapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa. Tchuthi cha maliro mulibe m'lamuloli. Chimachokera m'kontirakiti yanu, m'buku la malamulo a pantchito panu, kapena m'mgwirizano wa yuniyoni ndi olemba ntchito. N'chifukwa chake mnzanu wa kubanki angakuuzeni masiku ena, wa kufakitale n'kukuuzani ena, onse akunena zoona.

Zimene lamulo limakupatsani ndi ziwiri, ndipo zonse zimagwira ntchito pa nkhani ino. Gawo 44 limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 a tchuthi cha pachaka, wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18. Awa ndi masiku amene mungatapepo tchuthi cha maliro chikaperewera. Gawo 59 limatchula zifukwa zimene munthu angachotsedwere ntchito nthawi yomweyo, ndipo chimodzi ndi kujomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Maliro a m'bale ndi chifukwa chomveka kwa aliyense. Komabe kukhala ndi chilolezo m'manja n'kosavuta kusiyana ndi kukafotokoza chifukwa pamaso pa komiti sabata yamawa.

Ngati buku la malamulo a pantchito panu muli nalo pafoni kapena m'kabati, yang'anani zinthu zitatu zokha: masiku ndi angati, m'bale watchulidwa kapena ayi, ndiponso ngati masikuwo ndi a ntchito okha kapena akuwerengera Loweruka ndi Lamlungu. Ngati mulibe, musachedwe nazo. Mufunsa pa foni yoyamba ija.

Chachiwiri: dziwitsani abwana musanakwere galimoto

Anthu ambiri amalakwitsa pano, osati mwadala. Uthenga wafika usiku, mutu suli m'malo, munthu wanyamula chikwama m'bandakucha, ndipo wauza mnzake wokhala naye desiki limodzi kuti akawauze abwana. Mnzakeyo amanenadi, koma amanena masana, mwina kwa bwana wina amene si woyenera, ndiponso sanena tsiku lobwerera chifukwa salidziwa. M'buku la obwera kuntchito tsikulo lalembedwa kale kuti mwajomba.

Imbirani amene amakuyang'anirani mwachindunji, kaya ndi supavaiza, ahedi, asisitala a pawodi kapena eni shopu. Musawadumphe kupita kwa bwana wamkulu pokhapokha ngati foni yawo sikupezeka. Ngati uthenga wafika pakati pa usiku, tumizani meseji nthawi yomweyo, n'kuimba kukacha nthawi yolowera ntchito isanakwane. Wogwira ntchito ya mashifiti, monga mlonda, namwino kapena wothira mafuta, aimbe ngakhale usiku, chifukwa pofunika kupeza wolowa m'malo mwake.

Mukatha kulankhula pafoni, lembaninso zomwezo pa meseji kapena pa WhatsApp. Mawu a pafoni amauluka, ndipo bwana amene wakuuzani mwachifundo kuti "pitani, musadandaule" angakhale kuti wapita kumsonkhano tsiku limene a ku ofesi ya malipiro akufunsa. Meseji ingakhale yotere:

"Mwadzuka bwanji bwana. Monga ndanenera pafoni, kwathu kwagwa zovuta. Achimwene anga a bere limodzi atisiya usiku wathawu ku Blantyre. Ndikunyamuka m'mawa uno. Ndikupempha tchuthi kuyambira lero Lolemba mpaka Lachisanu, ndidzabwerera pantchito Lolemba likubwerali. Kalata nditumiza lero lomwe. Makiyi a kusitolo ndasiyira anzanga amene timagwira nawo ntchito."

M'mizere yochepayi muli zonse zimene bwana akufuna: wamwalira ndani, liti, mukupita kuti, mubwera liti, ntchito yatsala ndi ndani. Chimene wadwala malemu simukakamizidwa kunena. Akayankha kuti "chabwino, pepani", meseji imeneyo musaifufute.

Chachitatu: werengani masiku potengera ntchito imene ili kumaliroko

Apa m'pofunika kukhala pansi mphindi zochepa, ngakhale m'basi momwe. Wofedwa amakonda kupempha masiku ochepa chifukwa cha manyazi, kenako n'kumaimba foni kawiri katatu kuti awonjezere. Kwa bwana zimenezi n'zovuta kuposa kumva kamodzi kuti munthu sakhalapo sabata yonse, chifukwa sangakonze za wogwirizira ntchito.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Kanengo, ku Lilongwe, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Mlongo wake wamwalira Lamlungu usiku m'chipatala ku Blantyre, ndipo kwawo ndi ku Mulanje. Makolo anamwalira kale, wamkulu wotsala ndi iyeyo.

Lolemba lonse lithera pa ulendo ndi pa msonkhano woyamba wa achibale. Basi ya ku Blantyre imatenga maola anayi kapena asanu, ndipo akafika ayenera kukumana ndi mlamu wake, amalume ndi a mpingo kuti agwirizane tsiku loika. Lachiwiri ndi la mapepala a kuchipatala, bokosi, kusambitsa thupi ku motchale ndi kulinyamula kupita kumudzi, kumene anthu akachezere kusiwa. Lachitatu ndi loika maliro. Anthu ambiri amawerenga mpaka pamenepa n'kunena kuti masiku atatu akwana.

Sakwana. M'bale sanyamuka pochokera kumanda ngati mlendo. Tsiku lotsatira ndi limene banja limakhala pansi: kuwerengera chipepeso ndi ngongole za maliro, kubweza mipando ndi miphika yobwereka, kuthokoza amfumu ndi adzukulu, kukambirana za ana amasiye ndi za katundu wa malemu. Mlongo wamkulu akasowa pa bwalo limeneli, zimene zagwirizanidwa popanda iye adzazisenza zaka. Ndiye Lachinayi ndi lake. Lachisanu ndi ulendo wochokera ku Mulanje, kudzera ku Limbe, mpaka ku Lilongwe. Masiku a ntchito asanu.

Tiyerekezenso kuti buku la pakampani pake limapereka masiku atatu a ntchito pa maliro a m'bale. Mayiyu asapemphe masiku asanu a maliro, chifukwa a ku ofesi ya antchito adzangoyankha kuti malamulo salola, nkhani n'kuthera pomwepo. Apemphe masiku atatu a maliro, kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, ndi masiku awiri ochotsa pa tchuthi chake cha pachaka, Lachinayi ndi Lachisanu. Pempho logawidwa chonchi ndi losavuta kusainira, chifukwa tsiku lililonse lili ndi pokhala pake m'mabuku awo.

Tsiku limene imfa yachitika limasintha masamu onse. Mlongo yemweyo akanamwalira Lachiwiri usiku, masiku atatu a Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu akanalumikizana ndi Loweruka ndi Lamlungu, mayiyu osakhudza tchuthi chake cha pachaka. Koma onetsetsani ngati masikuwo ndi a ntchito okha. Kumene amawerenga masiku onse motsatizana, munthu wofedwa Lachisanu amapeza kuti tchuthi chake chatha Lamlungu.

Nanga ngati tchuthi cha pachaka munamaliza pa Khirisimasi, kapena mwangoyamba kumene ntchito ndipo simunasonkhanitse masiku? Njira zilipo ziwiri. Mungapemphe kuti akubwerekeni masiku a m'tsogolo, kapena mutenge tchuthi chopanda malipiro. Musanavomere chopanda malipiro, funsani kuti tsiku limodzi adula zingati. Mwachitsanzo, wolandira K330,000 pamwezi, pamene amagawa ndi masiku 22, amataya K15,000 pa tsiku. Masiku awiri ndi K30,000, m'mwezi umene wagula kale bokosi. Ena amagawa ndi 26 kapena 30, ndiye ndi bwino kudziwiratu.

Kwa Asilamu dongosolo limatembenuka. Maliro amaikidwa mwamsanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, choncho nthawi yodikira saini palibe. Meseji ija ndiyo umboni wanu woti munapempha, ndipo nenani momwemo kuti mwambo wanu sudikira. Masiku amene mungafune pambuyo pake, monga a sadaka, apempheni padera mukabwerera.

Chachinayi: nenani ubale momveka, ndipo nenani zoona

Kwathu kuno mwana wa mayi aakulu kapena wa bambo aang'ono ndi mchimwene ndithu, ndipo nthawi zina ndiye amene munakula naye nyumba imodzi, kugona mphasa imodzi. Koma a ku ofesi ya antchito akamawerenga buku lawo amaganiza za wobadwa kwa mayi kapena bambo anu. Ena amayang'ananso pa fomu imene munadzaza polowa ntchito, pamene munalemba maina a achibale.

Ndiye lembani mmene zilili. Ngati ndi wa bere limodzi, teroni. Ngati muli a bambo mmodzi koma mayi osiyana, teroni, makamaka ngati maina a makolo pa ziphaso zanu ndi osiyana, pakuti zimenezo zidzaoneka pa mapepala. Ngati ndi mwana wa mayi aakulu, nenani kuti ndi mwana wa mayi aakulu amene munaleredwa naye, ndipo onjezani udindo umene muli nawo pa malirowo. Mwina sakupatsani masiku a maliro, koma tchuthi cha pachaka adzakupatsani mosavuta. Kusandutsa m'bale wa kuchikazi kapena msuweni kukhala wa bere limodzi kuti mupeze masiku atatu n'kudziika pa msampha. Anzanu a kuntchito amabwera kumaliro ndi chipepeso, amamva mbiri ya malemu ikuwerengedwa, ndipo amamva kuti anabadwa angati m'banjamo. Bodza likadziwika nkhani imasanduka ya kusakhulupirika, imene ndi yolemera kuposa kujomba.

Ngati buku lanu silikutchula m'bale n'komwe, pemphanibe. Malamulo ambiri amasiyira bwana wamkulu mpata woganizira nkhani zina payekha. Chimene chimathandiza pamenepa si kuchulutsa mawu achisoni, koma kufotokoza udindo: ndinu wamkulu wotsala, ndinu amene mumalipirira malemu kuchipatala, ana ake akubwera m'manja mwanu, kapena ndinu mwini mbumba.

Chachisanu: lembani kalata kapena dzazani fomu

Meseji imatsegula njira, koma chimene chimalowa m'fayilo yanu ndi kalata kapena fomu. Kumene amapempha tchuthi pa kompyuta, sankhani `Compassionate Leave` pa masiku a maliro, kenako mupange pempho lachiwiri la `Annual Leave` pa masiku otsalawo. Mukaphatikiza zonse pa pempho limodzi, mungadzapeze kuti masiku onse asanu achotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka.

Ngati simungathe kufika kuofesi, lembani pamanja, jambulani ndi foni, tumizani. Kalata ya mayi wa ku Kanengo uja ingakhale yotere:

Kwa Akulu Oona za Antchito
Kudzera kwa Oyang'anira Nyumba ya Katundu

Bwana,

PEMPHO LA TCHUTHI CHA MALIRO

Ndikudziwitsani mwachisoni kuti mlongo wanga wa bere limodzi, bambo Uje, wamwalira usiku wa Lamlungu ku Blantyre. Maliro aikidwa Lachitatu kumudzi kwathu ku Mulanje. Ine ndine wamkulu wotsala m'banja mwathu, choncho ndikuyenera kuyendetsa nawo zokonzekera ndi kukhalapo pa zokambirana za banja pambuyo pa mwambo.

Ndikupempha masiku atatu a tchuthi cha maliro, kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, ndi masiku awiri ochotsa pa tchuthi changa cha pachaka, Lachinayi ndi Lachisanu. Ndidzayambiranso ntchito Lolemba la sabata yamawa.

Makiyi ndi buku la katundu wotuluka ndasiyira mayi Uje. Katundu amene amayenera kulandiridwa Lachitatu ndawafotokozera. Pakakhala chofunika mwachangu ndipezeka pa foni yanga, ngakhale kumudziko netiweki imavuta.

Mapepala aumboni ndidzabweretsa pobwerera.

Ine wanu,
Uje, nambala ya pantchito yakuti

M'kalata yeniyeni ikani madeti pambali pa maina a masiku, chifukwa "Lachitatu" m'fayilo yowerengedwa patatha miyezi itatu silitanthauza kanthu. Ngati pantchito panu makalata amalembedwa m'Chingerezi, mfundo zake ndi zomwezi ndipo ndondomeko yake ndi yomweyi. Kalata isapitirire tsamba limodzi. Sungani chithunzi chake, ndipo ikasainidwa pemphani kope.

Nkhani ya ndalama ilembeni padera. Makampani ena amathandiza ndi bokosi kapena galimoto, koma nthawi zambiri thandizolo ndi la wantchito mwini, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana olembetsedwa, osati m'bale. Chimene chimatheka kawirikawiri ndi adivansi ya malipiro, kapena thumba la chisoni limene antchito amasonkherana okha. Mukasakaniza tchuthi ndi adivansi m'kalata imodzi, kalatayo imakadikira kwa akawunti pamene inu mukufuna kunyamuka.

Chachisanu ndi chimodzi: tolerani umboni mukadali komweko

Anthu ena amakhumudwa akafunsidwa umboni wa imfa ya m'bale wawo, ndipo m'pomveka. Koma a ku ofesi nawonso amafunsidwa ndi owerengera mabuku kuti masiku olipidwawa anaperekedwa chifukwa chiyani. Ndi bwino kungowabweretsera asanafunse.

Ngati malemu amwalirira m'chipatala, pamakhala pepala la imfa limene achipatala amalemba thupi lisanatuluke. Lijambuleni tsiku lomwelo, chifukwa likangolowa m'chikwama cha amalume kapena cha mlamu wanu kulipezanso n'kovuta. Ngati amwalirira kumudzi, pemphani kalata kwa amfumu yokhala ndi chidindo, yotchula dzina la malemu, tsiku lomwalira, tsiku loika, ndi ubale wanu. Mfundo yomalizayi ndi imene imaiwalika, pomwe ndi imene ofesi ikufuna: pepala la chipatala limanena kuti munthu wamwalira, silinena kuti ndi m'bale wanu. Kalata ya abusa kapena ashehe imathandizanso, chimodzimodzi pulogalamu ya mwambo ngati inasindikizidwa ndipo maina a abale alembedwamo. Imfa ya pangozi imakhala ndi lipoti la apolisi.

Chiphaso chenicheni cha imfa chimachokera ku bungwe la kalembera la NRB kudzera ku ofesi ya DC, ndipo sichituluka tsiku la maliro. Ofesi yanu ikaumirira chimenecho, perekani kaye zimene muli nazo ndi kulemba kuti chinacho chibwera chikatuluka.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku loika likasuntha

Maliro sasunga pulogalamu. Tibwerere kwa mayi uja. Lachiwiri madzulo kwabwera foni yoti mwana woyamba wa malemu, amene ali ku Joni, wakwera basi ndipo afika Lachinayi m'mawa. Banja lagwirizana kumudikira. Kuika kwasunthira Lachinayi, bwalo la banja Lachisanu, ulendo wobwerera Loweruka. Mwamwayi tsiku lobwerera kuntchito silinasinthe, komabe atumize meseji yofotokoza kusinthaku, chifukwa anzake a kuntchito amene amakonza zobwera Lachitatu angayende ulendo wachabe.

Ngati kusinthako kukudya tsiku lobwerera, pemphani masiku owonjezera tchuthi choyamba chisanathe, osati m'mawa wa tsiku limene akukuyembekezerani. Nenani chifukwa m'chiganizo chimodzi, tchulani tsiku latsopano, ndipo nenani kumene masikuwo achotsedwe. Kumudzi kukakhala kopanda netiweki, kwerani kabaza mukaimbire pamsika. Tsiku limodzi lowonjezera popanda mawu limafufuta ubwino wonse wa kalata yanu yoyamba ija, pakuti m'mabuku limalembedwa ngati kujomba.

Musathere masiku onse a pachaka pa ulendo umodziwu ngati mungathe. M'bale akamwalira ntchito imapitirira miyezi: kutsatira penshoni ndi ndalama za kubanki, kuperekeza mlamu ku ofesi ya DC pa nkhani za chuma cha masiye, kusamutsa ana sukulu, kumeta kapena kusudzula kumene amachita mwambowo, kenako chiliza. Maofesi amenewa amatsegula masiku omwewo amene inu mumagwira ntchito, ndipo tchuthi cha maliro sichiperekedwa kawiri pa imfa imodzi.

Bwana akakana

Zimachitika, makamaka kumapeto kwa mwezi, nthawi ya mayeso, kapena pamene ogwira ntchito ndi ochepa. Musakangane pafoni. Funsani chimene chikuvuta. Nthawi zambiri si maliro amene akukana, koma kutalika kwa masiku kapena ntchito inayake imene ilibe woigwira. Pamenepo pali pokambirana: mungachepetse masiku kukhala a ulendo ndi oika okha, mungasinthane shifiti ndi mnzanu amene wavomera, kapena mungalonjeze kudzagwira Loweruka. Ngati supavaiza wakanitsitsa, pitani kwa oona za antchito kapena kwa bwana wamkulu, ndipo kumene kuli yuniyoni uzani nthumwi yake.

Onse akakana ndipo inu mwasankha kupitabe, monga ambiri angachitire pa maliro a m'bale, musangosowa. Lembani kuti munapempha, mwakanizidwa, mukupita kukaika m'bale wanu, ndipo mubwera tsiku lakuti. Yembekezerani kuti masikuwo angadulidwe pa malipiro ndipo mwina mudzaitanidwa kukafotokoza. Gawo 57 la lamulo lija limati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe lake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Pa bwalo limenelo meseji zanu, kalata yanu ndi kalata ya amfumu ndizo zidzasonyeze kuti chifukwa chinali chomveka. Zikafika poipa, dandaulo limayambira ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti loona za antchito.

Wogwira ntchito ya m'nyumba, wa m'munda kapena wa pa golosale nthawi zambiri alibe buku la malamulo. Njira ndi yomweyi koma yaifupi: lankhulani ndi abwana kapena adona pamaso, gwirizanani tsiku lobwerera, funsani mosabisa ngati malipiro adulidwa, kenako tumizani meseji yobwereza zimene mwagwirizana. Mukafuna kusiya wina wogwirizira, muuzeni bwanayo kaye. Kubweretsa mlendo m'nyumba ya eni popanda kuwauza kumabala mlandu wina.

Kwa amene muli kunja

Ku South Africa lamulo limamutchula m'bale mwachindunji. Amene wagwira ntchito kwa bwana mmodzi kupitirira miyezi inayi, masiku osachepera anayi pa sabata, ali ndi masiku atatu olipidwa pachaka a zochitika za m'banja, ndipo imfa ya mchimwene kapena mchemwali ili m'gulumo. Ogwira ntchito za m'nyumba ali ndi masiku asanu. Vuto ndi mtunda. Basi yochokera ku Joni kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza imadya pafupifupi masiku awiri, kubwerera chimodzimodzi, ndiye masiku atatuwo amathera pamsewu. Pemphani kamodzi masiku onse, ogawidwa monga tafotokozera, ndipo muonjezere tsiku limodzi la zochedwa za pachipata.

Ku Zambia lamulo la ntchito la 2019 limapereka masiku 12 olipidwa pachaka, koma limatchula mkazi kapena mwamuna, kholo, mwana ndi munthu amene mumamusamalira. M'bale amalowera pa mawu ena a m'gawo lomwelo, onena za chifukwa china chomveka chachisoni. Choncho kumeneko chiganizo chofotokoza udindo wanu pa malirowo n'chofunika kwambiri m'kalata.

Tsiku lobwerera

Fikani pa tsiku limene munalemba. Musanakhale pa desiki, kaonekereni kwa abwana, thokozani, ndipo perekani mapepala ku ofesi ya antchito. Ngati fomu simunadzaze ponyamuka, dzazani tsiku lomwelo. Anzanu amene anasonkha chipepeso kapena anagwira ntchito yanu athokozeni pamodzi, kaya pa msonkhano wa m'mawa kapena pa gulu la pafoni.

Ngati thupi ndi maganizo zikukanika, tulo sitikubwera, manja akunjenjemera, ndipo ntchito yanu ndi ya makina, ya galimoto kapena yowerenga ndalama, uzani abwana msanga kuti akupatseni ntchito yopepuka kwa masiku angapo. Zikapitirira pitani kuchipatala. Tchuthi cha matenda ndi china, chimafuna kalata ya dokotala, ndipo m'lamulo chimayamba kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito.

Kumapeto kwa mwezi yang'anani pepala la malipiro ndi masiku a tchuthi amene atsala. Mayi wa ku Kanengo uja, ngati anali ndi masiku 9 asanapite, ayenera kupeza 7, ndipo malipiro ake akhale athunthu. Akapeza 4, ndiye kuti masiku onse asanu achotsedwa pa tchuthi cha pachaka. Atenge kope la kalata yosainidwa ija apite nalo ku ofesi sabata yomweyo, mabuku a mwezi wotsatira asanatsekedwe.